Chibuku chimodzi, mapepala angati?

Tsiku lovala mkanjo likadutsa, zithunzi zajambulidwa ndipo abale abwerera kumudzi, munthu amene wangolandira digiri ya udokotala amatsala ndi chibuku chochindikala ngati njerwa. Bukuli, limene ophunzira amalitcha tesisi, limawerengedwa lonse ndi anthu ochepa zedi: mwini wake, aphunzitsi omuyang'anira, ndi akatswiri awiri kapena atatu omuyesa mayeso. Likatero limakagona pashelefu mulaibulale. Kuti zimene munthuyo anapeza zifike kwa akatswiri anzake, ziyenera kutuluka m'magazini a kafukufuku ngati mapepala afupiafupi. Mapepala omwewa ndi amene mayunivesite amawerenga akamakweza munthu pantchito.

Vuto loyamba ndi la masamu. Mayunivesite ambiri a ku Britain amalola tesisi kufika mawu 80,000 kapena 100,000. Pepala la m'magazini a zaulimi kapena zachikhalidwe cha anthu limathera pa mawu 6,000 mpaka 8,000, ndipo la zachipatala limafupika kuposa apo. Ndiye kuti ukatulutsa mapepala atatu a mawu 7,000 lililonse m'tesisi ya mawu 80,000, wagwiritsa ntchito mawu 21,000 okha. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a thukuta lako atsalira m'buku. Izi zimapweteka, ndipo n'chifukwa chake ambiri amayamba ndi njira yooneka yachidule: kudula mutu uliwonse, kuupatsa dzina latsopano, n'kuutumiza kwa mkonzi. Njirayi kawirikawiri imalephera.

Chifukwa chake n'chakuti mabuku awiriwa amalembedwera anthu osiyana. Oyesa mayeso amafuna umboni woti wophunzira wawerenga zambiri, amadziwa njira zofufuzira, ndipo sanaiwale kalikonse. Wowerenga magazini alibe nazo ntchito zimenezo. Iye amafunsa chinthu chimodzi: wapeza chiyani chatsopano, ndipo ndikukhulupirire bwanji? Choncho pogawa tesisi sitiwerenga mitu. Timawerenga mafunso amene ayankhidwa.

Tiyerekeze tesisi ya mayi wina amene anafufuza ulimi wosakaniza chimanga ndi nandolo m'maboma awiri, lina la kumwera ndi lina la m'chigawo chapakati. Ili ndi mitu isanu ndi itatu. Woyamba ndi mawu otsogolera, wachiwiri ukufotokoza zimene ena analemba kale, wachitatu ndi wa njira zofufuzira. Wachinayi ukupereka zokolola za m'minda yoyeserera kwa zaka ziwiri. Wachisanu ndi wa nthaka ya m'minda yomweyo, makamaka nayitirojeni amene nandolo amasiya. Wachisanu ndi chimodzi uli ndi mayankho a mabanja amene anafunsidwa ngati amalima nandolo kapena ayi. Wachisanu ndi chiwiri ndi zokambirana za m'magulu ndi alimi. Womaliza ukumanga zonse pamodzi.

Mayiyu akayang'ana amaona mitu inayi ya zotsatira, ndiye mumtima amati mapepala ndi anayi. Mlangizi wodziwa ntchito amamuuza kuti: "Tsekani kaye bukulo, mayi. Tengani kapepala, mulembe chiganizo chimodzi pa pepala lililonse limene mukuliganizira, chonena zimene lapeza. Musalembe kuti likukamba za chiyani. Lembani kuti lapeza chiyani."

Pamenepo zinthu zimayamba kuonekera. Chiganizo cha mutu wachinayi chikuti chimanga chosakaniza ndi nandolo chinabereka bwinoko m'chaka chachiwiri. Wounika pepala adzafunsa nthawi yomweyo kuti chifukwa chiyani, ndipo yankho lili m'mutu wachisanu, m'miyeso ya nthaka. Mutu wachisanu nawo paokha ndi wopunduka: nayitirojeni wachuluka, inde, koma mlimi wapindula chiyani? Minda ndi yomweyo, zaka ndi zomwezo, njira ndi imodzi. Limeneli ndi pepala limodzi, ndipo ndilo lamphamvu kuposa onse. Matebulo khumi ndi anayi a m'mitu iwiriyo ayenera kutsika kufika pa anayi kapena asanu, ena n'kupita ku zowonjezera zimene magazini ambiri amaika pa intaneti pokha.

Mitu iwiri yotsatirayo ndi imene imafuna kuganiza mofatsa. Mafunso a m'mabanja akusonyeza kuti kumwera anthu ambiri amalima nandolo, pomwe m'boma la pakati ndi ochepa, ngakhale alangizi anawaphunzitsa. Manambala akuima pomwepo. Koma m'zokambirana amayi akufotokoza chinthu chimene aliyense wokulira kumudzi amachidziwa: nandolo amakhalitsa m'munda, chimanga chikakololedwa iye amakhala adakali wobiriwira, ndipo nthawi imeneyo n'kuti mbuzi zamasulidwa kuti zizidya mapesi. Kumene kulibe lamulo la mfumu loti ziweto zizimangidwabe, nandolo amathera m'mimba mwa mbuzi. Manambala ndi mawu a amayiwo zikuyankha funso limodzi, ndiye ziyendere limodzi. Wina angazilekanitse, manambala kupita ku magazini a zachuma cha ulimi, mawu a alimi ku magazini a zachikhalidwe, ndipo sikulakwa ngati gawo lililonse lili ndi funso lakelake. Koma pano, ine ndingaziphatikize, chifukwa manambala opanda mbuzi sakufotokoza kanthu.

M'mutu wachisanu ndi chiwiri womwewo mwabisala nkhani ina. Alimi a kumwera sakudandaula za mbuzi, akudandaula za mtengo, makamaka mmene unagwera dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja mu 2017. M'tesisi nkhaniyi yangotenga masamba asanu ndi limodzi, m'kachigawo kapakati. Koma funso lake ndi lina, owerenga ake ndi ena, ndipo ngati zojambulidwa pa zokambiranazo zili ndi mawu okwanira, likhoza kukhala pepala lachitatu. Izi zimachitika kawirikawiri: pepala labwino limatuluka m'kachigawo kamene mwini wake ankakayesa kongodutsa. Mapeto ake, mitu inayi yabala mapepala awiri otsimikizika ndi limodzi loyembekezera, ndipo palibe limene malire ake akufanana ndi a mutu wa m'buku.

Nanga mitu inayo? Wachiwiri, umene unadya chaka chathunthu cha kuwerenga, umaphwasulidwa. Pepala lililonse limatengako ndime zitatu kapena zinayi zokha, zosonyeza pamene panali mpata umene kafukufukuyu wautseka. Ambiri amalakalaka kuutumiza wonse ngati pepala lounika zolembedwa kale, koma akonzi salandira mndandanda wa "uyu anati, uyu anati". Amalandira ngati kusaka kwake kunatsata dongosolo lolembedwa, monga la PRISMA limene linatuluka mu 2009 n'kukonzedwanso mu 2020, kapena ngati wolembayo ali ndi mfundo yatsopano yotsutsa zimene anthu akhala akukhulupirira. Mutu wachitatu umagawidwa: za minda ndi nthaka zipite ku pepala loyamba, za mafunso ku lachiwiri. Masamba ofotokoza nzeru zakuya za momwe munthu amadziwira choona, mbiri ya boma lililonse, ndi zifukwa zokanira njira zimene sizinagwiritsidwe ntchito, zonsezo zinali za oyesa mayeso. Zitsale.

Pali zina zosayenera kudulidwa ngakhale malo achepe. Tinene kuti m'chaka choyamba mvula inadula, ndipo minda yosakaniza sinapose inzake. Mtima umafuna kuchotsa chakacho kuti nkhani iwongoke. Kumeneko si kufupikitsa, ndi kunama, chifukwa wowerenga adzaganiza kuti njirayi imapindula chaka chilichonse. Zomwezonso ndi kuchuluka kwa minda ndi mabanja, amene anakana kuyankha, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa, ndi zofooka za kafukufukuyo. Chilichonse chimene chingasinthe maganizo a wowerenga pa zotsatira chikhalemo.

Kulakwa kwa mbali ina ndi kuchulukitsa mapepala mwadala. Azungu amakuyerekeza ndi kudula soseji mopyapyala kwambiri. Ife timakuona pamsika, wogulitsa akachotsa tomato mmodzimmodzi pamulu uliwonse kuti milu ichuluke pomwe tomato ndi yemweyo. Mayi uja atalemba pepala la zokolola za boma la kumwera, lina la zokolola za boma la pakati, lina la chaka choyamba, lina la chachiwiri, angakhale atachita zimenezo. Chizindikiro chake n'chosavuta: ziganizo zija zimafanana, kusiyana dzina la boma lokha, ndipo mawu otsogolera ndi njira zofufuzira ukhoza kungokopera osasintha. Choipa chake si manyazi okha. Wofufuza wina wosonkhanitsa zotsatira za m'mapepala ambiri akhoza kuwerenga minda yomweyo kawiri, n'kuganiza kuti umboni ndi wochuluka kuposa mmene ulili. Bungwe la COPE, limene linayamba mu 1997 ku Britain, lili ndi malangizo othandiza akonzi pa milandu yotere, ndipo pepala likhoza kukanidwa kapena kuchotsedwa litatuluka kale.

Kugwiritsa ntchito kafukufuku mmodzi m'mapepala angapo n'kololedwa, bola kunena poyera. Pepala lachitatu litchule lachiwiri ndi kufotokoza kuti alimi ake ndi omwewo. Njira zofufuzira zilembedwe mokwanira m'pepala loyamba kutuluka, lotsatira lifupikitse n'kuloza kumeneko. N'chifukwa chake dongosolo lotumizira limafunika: limene ena adzatsamire liyambe. Pepala limodzi silitumizidwa ku magazini awiri nthawi imodzi. Za maina nazonso zikambidwe kulemba kusanayambe, pepala ndi pepala. Katswiri wa nthaka amene anathandiza kukonza ndi kumasulira miyeso ali ndi malo pa pepala loyamba, koma pa la mbuzi alibepo, ngakhale anali m'gulu la oyang'anira tesisi yonse.

Chodzidzimutsa chomaliza chimabwera pepala likangotumizidwa. Magazini ambiri amaliyeza ndi pulogalamu yofufuza mawu ofanana, monga iThenticate, ndipo ngati yunivesite inaika kale tesisi pa intaneti, pulogalamuyo imapeza ndime zambiri zofanana. Munthu amaoneka ngati waba, chikhalirecho wadzibera yekha. Ofalitsa ambiri saona tesisi ngati chinthu chofalitsidwa kale, koma malamulo a magazini amasiyana, ndiye awerengedwe pepala lisanapite. M'kalata yopita kwa mkonzi, mayi uja alembe ziganizo ziwiri: kuti ntchitoyi yachokera m'tesisi yake ya chaka chakuti ku yunivesite yakuti, ndi kuti pepala lina lochokera m'kafukufuku yemweyo lili ku magazini akuti, ndipo waliphatikiza kuti mkonzi adzionere yekha kusiyana kwake.