Ulendo wa gasi wa mufiriji pa tchati cha amisiri

Mukagwira kumbuyo kwa firiji yomwe ikulira, mupeza kuti mapaipi akuda aja ndi ofunda. Kutenthako kwachokera m'kati, mu nsomba ndi mabotolo omwe mwaikamo. Ntchito ya firiji ndi kutunga kutentha m'kati n'kukakutaya panja, ndipo chotungira chake ndi gasi yemwe amazungulira m'mapaipi osatulukamo.

Chinsinsi chili pa kuwira. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pamwamba pa Sapitwa, pomwe mpweya supanikiza kwambiri, amawira pa madigiri ngati 90. Gasi wa R134a, yemwe dzina lake mungalione pa kompresa ya mafiriji ambiri akale, amateronso: pa presha ya mabaa 2 amawira pa madigiri 10 pansi pa ziro, koma pa mabaa 10 amasanduka madzimadzi ngakhale pa madigiri 40.

Amisiri amalondola ulendowu pa tchati cha presha ndi enthalupi. Kukwera m'mwamba pa tchatichi ndi kukwera kwa presha. Kupita kumanja ndi kuchuluka kwa enthalupi, kutanthauza mphamvu ya kutentha yomwe kilogalamu imodzi ya gasi yasenza, ndipo imawerengedwa m'makilojuu. Pakati pajambulidwa chinthu chonga chulu. Kumanzere kwa chulucho gasi ali madzimadzi okhaokha, kumanja ali nthunzi yokhayokha, ndipo m'kati mwake ziwirizi zasakanikirana.

Tiyambire pa kompresa, chimphika chakuda chomwe chimalira pansi kumbuyo. Imayamwa nthunzi yozizira pa mabaa 2, yosenza makilojuu 393, n'kuipanikiza kufika pa mabaa 10. Pa tchati mzere umakwera mopendekera kumanja mpaka 427. Makilojuu 34 owonjezerekawo ndiwo magetsi omwe mumalipira.

Gawo lachiwiri ndi kondensa, mapaipi ofunda aja. Presha siisintha, choncho mzere umayenda chogona kulowera kumanzere, kudutsa chulu chonse. Nthunzi, pokhala yotentha kuposa mpweya wa m'chipinda, imataya kutentha n'kusanduka madzimadzi. Potuluka yatsala ndi 256, ndiye kuti yataya 171.

Kenako madzimadziwo amalowa mu kapilari, kapaipi kakatali kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Apa mzere umangogwa chindunji kuchoka pa mabaa 10 kufika pa 2. Enthalupi imakhalabe 256 popeza palibe kutentha komwe kwalowa kapena kutuluka. Nanga kuzizira kukuchokera kuti? Presha ikatsika, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzimadziwo limawira nthawi yomweyo, ndipo kutentha kowiritsira limalanda kwa madzimadzi otsalawo, mpaka zonse zifika pa madigiri 10 pansi pa ziro.

Gawo lachinayi ndi evaporeta, mapaipi obisika m'makoma momwe mumachita ayisi. Madzimadzi otsala aja amawira pang'onopang'ono poyamwa kutentha kwa zakudya, ndipo mzere umabwerera kumanja kuchoka pa 256 kufika pa 393. Makilojuu 137 amenewa ndiye phindu lonse la firiji. Mukawaphatikiza ndi 34 a kompresa mupeza 171, omwe aja anatayidwa kumbuyo. Mukagawa 137 ndi 34 mupeza pafupifupi 4: mphamvu imodzi ya magetsi yasamutsa kutentha kochuluka kanayi. Firiji yeniyeni siifika pamenepa, chifukwa kompresa imataya mphamvu ina mwa kudzitenthetsa yokha.

Tsopano taganizirani za firiji ya m'golosale ku Nsanje mu Okutobala, yokankhidwira kukhoma, kondensa yake itakutidwa ndi fumbi. Kutentha kukasowa potulukira, gasi sasanduka madzimadzi mpaka atafika madigiri 50, pa mabaa opitirira 13. Mzere wapamwamba wakwera. Madzimadzi akutuluka atasenzabe 272, choncho evaporeta ikungoyamwa 121, pomwe kompresa ikudya 39. Chiwerengero chija chatsika kuchoka pa 4 kufika pafupifupi pa 3. Mwini golosale amangoona kompresa ikulira osapuma, mayunitsi akutha msanga, zakumwa zisakuzizira bwino.

Ambiri zikatero amathamangira kunena kuti gasi watha. Komatu gasi sapsa ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti paipi yabooka penapake. Zizindikiro zake n'zosiyana: presha imatsika mbali zonse ziwiri, kondensa imangofunda pang'ono, ndipo ayisi amangogwira poyambira evaporeta pokha, popeza madzimadzi ochepawo amatha kuwira asanafike kumapeto. Kuthira gasi wina m'firiji yomwe vuto lake ndi fumbi kumangokweza presha n'kulemetsa kompresa. Choncho mmisiri asanatsegule botolo la gasi, ayambe wayeza presha, ndipo inu muyambe mwasuntha firijiyo kukhoma n'kupukuta mapaipi akumbuyo.