Mahedifoni Ochotsa Phokoso: N'chiyani Chimatseka M'makutu?

Mukavala timahedifoni tolowetsa m'khutu n'kuyatsa pamene palembedwa ANC, mdidi wa injini ya basi umangoti zii, koma mwana amene akulira pampando wakumbuyo mumamumvabe. Si kuti timahedifonito ndi tachinyengo ayi. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi komweko.

Phokoso ndi mpweya umene ukukankha ndi kukoka nembanemba ya m'khutu mobwerezabwereza. Kunja kwa kahedifoni kuli kamaikolofoni komvera phokoso likamabwera, ndipo mitundu yambiri ili ndi kena m'kati kofufuza lomwe latsala. Kakompyuta kam'menemo kamalamula sipika kutulutsa phokoso lofanana nalo mphamvu koma lotembenuza: la kunja likamakankha, ili limakoka, awiriwo n'kuthetsana. Nzeruyi si yatsopano. Mjeremani wina, Paul Lueg, anailembetsa m'ma 1930, zipangizo zoikwanitsa zisanapezeke.

Nkhani yagona pa nthawi. Tinene kuti injini ikugwedeza mpweya ka 100 pa sekondi, ndipo kahedifoni kakuchedwa kuyankha ndi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Kuchedwako n'kochepa poyerekeza ndi kutalika kwa funde limodzi, choncho mdidiwo umafa pafupifupi wonse. Koma m'kulira kwa mwana muli mawu osongoka ogwedezeka ka 3,000 pa sekondi. Pamenepo kuchedwa komweko kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a funde, ndipo m'malo mothetsa phokoso, kahedifoni kangaliwonjezere. N'chifukwa chake opanga salimbana nawo mawu otere, amangowasiyira kalabala kotseka khutu.

Nanga kumva ngati m'makutu mwathina? Amene anatsikapo phiri kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa akudziwa mmene makutu amatsekera. Panjira imeneyo mpweya wakunja umaposa wa kuseri kwa nembanemba, nembanembayo imakungika, ndipo mawu amanzenene amayamba kumveka motsika. Akatswiri ambiri amati kahedifoni kamanamiza ubongo motere: kamachotsa manzenene n'kusiya mawu osongoka, ndiye ubongo umaganiza kuti khutu lapanikizika, chonsecho mpweya sunasinthe. Ena samva kanthu, ena mpaka mutu kulemera kapena kachizungulire.

Pali kupanikizika kwina kwenikweni: labala ikathina kwambiri, poilowetsa imakankhira mpweya m'ngalande ya khutu. Ndiye chifukwa mahedifoni ena, monga AirPods Pro amene anatuluka mu 2019, ali ndi timabowo topumira.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Zimitsani ANC osavula kahedifoni. Kuthinako kukangoleka, unali ubongo, ndipo kumeza malovu sikungathandize. Chepetsani mphamvu ya ANC ngati foni ikulola, kapena muzivala pang'onopang'ono, poti ena amazolowera. Kukapitirira, yesani labala yocheperako. Koma khutu likamapwetekabe mutavula, kapena likamatuluka mafinya, pitani kuchipatala akalione.