Mwendo Umodzi Watupa: Kodi Pepala la Sikani Likuti Ciani?

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, nkumapweteka ndi kutentha, ambiri m'makomboni amathamangira kuusisita kapena kutemera mphini. Koma madokotala amayamba aganizira za magazi oundana mumtsempha wamkati, matenda amene pa pepala la cipatala amalembedwa ndi zilembo zitatu, DVT. Kuti atsimikize amatumiza wodwala ku sikani ya Dopula.

Sikani imeneyi siipweteka ndipo siigwiritsa nchito ekiselo. Wopima amapaka mafuta oterera pa khungu nayendetsa kacipangizo kuyambira m'mphecepece, kutsika m'nchafu, kufika kumbuyo kwa bondo. Pamalo alionse amakanikiza pang'ono. Mtsempha wabwino wobweza magazi ku mtima ndi wofewa, ndipo umaphwatalala kotheratu monga paipi yopanda madzi. Ngati muli magazi oundana, mtsemphawo umakana kuphwatalala. Ici ndico cizindikilo cacikulu, ndipo ndico cinthu coyamba kufunsa pa pepala lanu: kodi mitsempha yonse inaphwatalala?

Caciwiri ndi malo. Mtsempha wa m'nchafu umachedwa femoro, ndipo wa kumbuyo kwa bondo umachedwa popiliteyo. Magazi akaundana m'mitsempha iwiriyi ngozi imakula, cifukwa cidutswa cikhoza kuthothoka, kuyenda ndi magazi, ndi kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Akaundana m'timitsempha ta m'katumba, kunsi kwa bondo, ngozi imacepa, koma nthawi zina amakwera m'mwamba.

Cacitatu ndi kayendedwe ka magazi. Pa makina pamaoneka mitundu iwiri, yofiira ndi yabuluu. Musaope kuona kufiira. Mitunduyi imangoonetsa kumene magazi akulowera. Mumtsempha wabwino magazi amathamanga ndi kucepetsa liwiro motsatira kupuma kwa munthu, ndipo wopima akafinya katumba amathamanga kwambiri. Ngati akuyenda mofanana osasintha ndi kupuma, dokotala amaganiza kuti patsekeka pena pace m'mwamba, m'ciuno, kumene makina amavutika kuona.

Tiyerekeze mai wa zaka 32 amene anabereka mwa opaleshoni masabata awiri apitawo. Mwendo wakumanzere watupa. Anamwino apima katumba ndi tepi, napeza masentimita 39 kumanzere ndi 35 kumanja. Kusiyana kopitirira masentimita 3 kumakayikitsa, ndipo apa ndi 4. Pepala la sikani likuti mtsempha wa femoro ndi wa popiliteyo sukuphwatalala, wafufuma, ndipo magazi sakudutsa. Kufufumako kukusonyeza kuti kuundana ndi kwatsopano, pakuti kwakale kumasiya mtsempha wofota ndi wolimba.

Mai ameneyu ayamba mankhwala tsiku lomwelo. Kawirikawiri amayamba ndi nyeleti za heparini pamodzi ndi mapiritsi a wafarini, ndipo onse awiri salepheretsa kuyamwitsa. Adzamwa mankhwala kwa miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo pa wafarini ayenera kupimitsa magazi kawirikawiri kuti mlingo usapitirire. Mankhwalawa sasungunula magazi oundana nthawi yomweyo. Amaletsa kuti asaonjezeke pamene thupi likuwacotsa pang'onopang'ono. Cotero sikani yacibwereza ikaonetsa zotsalira patapita miyezi, sindiko kuti mankhwala alephera. Sungani pepala loyamba kuti dokotala akayerekeze ndi latsopano.

Nanga pepala likati palibe magazi oundana? Ndi nkhani yabwino, koma funsani ngati anapima mwendo wonse. Nthawi zambiri amapima m'nchafu ndi kumbuyo kwa bondo cabe, ndipo timitsempha ta m'katumba timavuta kuona, makamaka mwendo ukatupa kwambiri. Ndico cifukwa cace dokotala angakuuzeni kubweranso patapita sabata limodzi. Musanyozere tsikulo, pakuti m'masiku amenewo ndi m'mene magazi oundana ang'onoang'ono angakwere kufika pa bondo.

Amene ayenera kucenjera kwambiri ndi amai apakati ndi ongobereka kumene, ocitidwa opaleshoni, ogona nthawi yaitali cifukwa ca matenda monga TB kapena khansa, ndi okhala maola ambiri m'basi kapena m'thiraki osatambasula miyendo.

Poyembekezera sikani musasisite mwendo ndipo musatemere. Mukayamba mankhwala musamwe asipirini kapena burufeni popanda kufunsa dokotala, cifukwa zimaonjezera kutaya magazi. Ndipo munthu wa mwendo wotupa akayamba kubanika, kumva kupweteka m'cifuwa popuma, kukhosomola magazi kapena kukomoka, musadikire tsiku la sikani. Pezani galimoto mupite naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.