Makina a khadi akamachedwa, musathamangire kugula rauta ina

Kuchokera pa Chintheche kutsikira ku Bandawe, mumsewu wa M5, eni mashopu ena adaphunzira kale kuti mlendo wochokera kugombe amakhala nthawi yaitali pamene pali zakumwa zozizira ndi waifai. Akakhala, amagula. Pochoka amatulutsa khadi ya kubanki, chifukwa si onse amayenda ndi mpukutu wa makwacha. Vuto limayamba pamene makina a khadi angozungulira osatulutsa lisiti, dalaivala akuimba hutala panja, mpaka mlendoyo kubweza katundu pashelefu. Phindu la tsikulo lapita pamenepo.

Ambiri zikatere amangoti "netiweki yavuta", kenako n'kuwonjezera bandulo kapena kuitanitsa rauta ina ku Mzuzu. Nthawi zina zimathandiza, koma kawirikawiri ndi ndalama yongotaya, chifukwa kuchedwaku kumachokera malo atatu osiyana ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake. Pali kamtunda ka m'shopu momwemo, kuchokera pa foni kapena pa makina kufika pa rauta. Pali mtunda wochokera pa rauta kufika pa nsanja ya TNM kapena Airtel. Ndiye pali ulendo wochokera pansanjapo kukafika kubanki. Ntchito yanu n'kupeza pamene pakutsekeka musanatulutse ndalama.

Choyamba n'chakuti makina a khadi sadya bandulo. Uthenga umene amatumiza kubanki ndi waung'ono kwambiri, wochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni. Chimene amafuna ndi njira yosadzaza, kuti funso lipite ndipo yankho libwere asanatope kudikira. N'chifukwa chake mutha kuyeza liwiro la intaneti, n'kuona nambala yosangalatsa, koma makina akukanikabe.

Tiyerekeze shopu ina pafupi ndi pokhotera ku tchalitchi chakale cha Bandawe, kumene alendo amapita kukaona malo amene Dr Robert Laws adasamutsira mishoni mu 1881. Mwini wake ali ndi rauta ya 4G, waiika pansi pa kauntala pafupi ndi filiji kuopa akuba. Pasiwedi adailemba pakhoma. Makina a khadi adawalumikiza ku waifai yomweyo. Mmawa zonse zimayenda bwino, koma kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo makina amatenga mphindi yathunthu, mwina kulephereratu.

Funso loyamba ndi la nthawi. Rauta yowonongeka imavuta mmawa ndi madzulo omwe. Ikamavuta pa maola omwewo tsiku lililonse, ndiye kuti pali anthu amene akudzaza njira, kaya m'shopu mwanu kapena pa nsanja. Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna katswiri. Nthawi imene zavutayo, zimitsani waifai pa foni yanu, muyatse intaneti ya simu ya kampani yomweyo imene ili mu rauta, mutsegule tsamba lililonse mutaima pakhomo. Ngati pa simu zikuthamanga koma pa waifai zikukwawa, vuto lili m'nyumba mwanu. Ngati zonse zikukwawa, vuto lili kunja, ndipo rauta yatsopano sidzasintha kanthu.

Musanapite patali, onani kaye ngati bandulo ilipo. Zimachititsa manyazi, koma ambiri adayendapo ulendo wopita kwa okonza mafoni chifukwa cha bandulo yotha.

Amene ali ndi laputopu, kapena angabwereke kwa mphunzitsi wapafupi, atha kuyeza bwino kuposa apa. Lumikizani laputopu ku waifai ya shopu, tsegulani `cmd`, mulembe mizere iwiri iyi, umodzi ukatha unzake:

```
ping -n 20 192.168.8.1
ping -n 20 8.8.8.8
```

Nambala ya mumzere woyamba ndi adiresi ya rauta. Marauta ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito imeneyi, ena ndi `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`. Yanu yalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Mzerewu ukugogoda pa rauta maulendo 20 n'kuwerenga nthawi imene yatenga kuyankha. Mukakhala pafupi, mayankho azikhala osapitirira `10ms`. Mzere wachiwiri ukugogoda kutali, pa kompyuta ya Google, kudzera pa nsanja. Pa 4G yabwino mayankho amakhala pansi pa `100ms` kapena chapompo. Mukamaona `800ms`, `1500ms`, kapena mawu akuti `Request timed out` kangapo, makina a khadi sangapirire.

Mushopu yathu ija, tinene kuti woyamba wapereka `4ms` ndipo wachiwiri ukudumphadumpha mpaka `1200ms`, pamene foni ya pa simu ikuyenda bwino pakhomo. Waifai ikufika, nsanja ili bwino, koma pakati pali chodzaza. Mwini shopu atsegule adiresi ya rauta ija pa foni, alowe ndi pasiwedi ya woyang'anira, ayang'ane mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Akapeza mafoni 17 pomwe m'shopu muli makasitomala asanu, adziwe kuti pasiwedi ya pakhoma ija idafika kale kwa anyamata a kabaza ndi kunyumba zoyandikana.

Komabe kuchuluka kwa mafoni si nkhani yonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Intaneti ili ndi njira ziwiri, yobwera ndi yopita, ndipo pa 4G yopita imakhala yopapatiza. Tinene kuti poyeza mwapeza `20 Mbps` pa `Download` ndi `2 Mbps` pa `Upload`. Mlendo wachokera kunyanja, wajambula kanema wa mabwato ndi dzuwa, kukula kwake `100 MB`. Foni yake ikangogwira waifai, imayamba yokha kutumiza kanemayo kosungira zithunzi, mwini wake osadziwa n'komwe. Pa liwiro la `2 Mbps`, kanema mmodziyo atseka njira yopita kwa masekondi 400, pafupifupi mphindi zisanu ndi ziwiri. Uthenga wa makina a khadi, ngakhale ndi waung'ono, umaima pamzere kumbuyo kwa kanemayo, monga munthu wa kathumba kamodzi amene wapeza ngolo ya chimanga patsogolo pake kuchigayo. Mafoni awiri kapena atatu otere ndi okwanira kuimitsa malonda madzulo onse.

Umboni wake ndi wosavuta. Sinthani pasiwedi kuti onse achoke, mulumikize makina a khadi okha, muyesenso. Akatulutsa lisiti m'masekondi ochepa, mwapeza nthenda.

Mankhwala ake, m'kuona kwanga, ndi kulekanitsa ndalama ndi zosangalatsa. Makina ambiri amene mabanki amapereka ali ndi malo a simu yawoyawo. Pemphani banki yanu kuti makinawo aziyendera simu, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya kampani ina, kuti nsanja imodzi ikagwa musagwe nayo pawiri. Musatsegule makina kapena kusintha simu nokha, chifukwa ndi katundu wa banki ndipo simu zina zimakhala zokonzedwa mwapadera. Ngati makina ayenera kukhalabe pa waifai, yang'anani mu rauta ngati muli `Guest Wi-Fi`. Makasitomala apatseni imeneyo, ndipo ngati rauta ikulola, ikani malire a liwiro kapena a chiwerengero cha mafoni. Pasiwedi muzisintha sabata iliyonse, muzipereka kwa amene wagula. Kamifai ka m'thumba kadapangidwira anthu ochepa, nthawi zambiri khumi kapena kupitirira pang'ono. Si ka pa shopu ya makasitomala ambiri.

Bwanji ngati mzere woyamba uja ndi umene ukuchedwa kapena kutaya mayankho? Pamenepo vuto ndi malo a rauta. Chitsulo chimatchinga mafunde, choncho filiji, zitseko za malata ndi mpanda wa waya wa pakauntala ndi adani ake. Ikwezeni pashelefu, pamwamba pa mitu ya anthu, pafupi ndi windo koma posafika dzuwa, pakuti kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala kumafooketsa rauta mpaka kumadzizimitsa yokha. Kusunthako kumathandizanso mbali ya nsanja. Pa tsamba la rauta pali nambala yotchedwa `RSRP`. Ikakhala cha m'ma `-85` zili bwino, ikafika `-110` ndiye kuti rauta ikumva nsanja movutikira. Yesani mawindo onse, mudikire mphindi imodzi paliponse, musankhe pamene nambala yayandikira kwambiri ku ziro.

Vuto likakhala pa nsanja penipeni, monga madzulo pamene aliyense ali pa foni, kapena magetsi a ESCOM akazima nthawi yaitali nsanja n'kudalira mabatire ndi jenereta, palibe chimene mungakonze m'shopu. Chotsala ndi simu ya kampani ina. Starlink idayamba kupezeka m'Malawi mu 2023 ndipo sidalira nsanja, koma mtengo wa zipangizo ndi malipiro a pamwezi ndi woyenera loji kusiyana ndi golosale.

Pali nthawi zina pamene intaneti ili bwinobwino koma makina akukanabe. Werengani lisiti. Pa makina ambiri, nambala `51` ikutanthauza kuti mu akaunti mulibe ndalama zokwanira, `55` ndi nambala yachinsinsi yolakwika, pamene `91` ikutanthauza kuti banki ya kasitomala sikuyankha. Nambala zoterezi ndi umboni woti uthenga udapita ndipo yankho lidabwera, choncho rauta yanu ilibe mlandu. Khadi ya banki ina ya m'dziko muno imadutsa ku National Switch, imene idayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo khadi ya mlendo wakunja imakafunsidwa kubanki ya kwawo kudzera ku Visa kapena Mastercard. Ngati makhadi ena akudutsa koma a banki imodzi akukanika, vuto lili kutali ndi Bandawe.

Choopsa kwambiri ndi pamene makina atopa kudikira osanena kuti zatheka kapena zakanika. Ndalama itha kukhala kuti yachoka kale kwa kasitomala, yankho lokha ndi limene lasochera pobwerera. Mukabwereza pompopompo, mutha kumudula kawiri, ndipo mkangano wake udzakhala pa kauntala panu, osati kubanki. Yambani mwasindikizanso lisiti lomaliza kapena kuona mndandanda wa malonda a tsikulo pa makinapo. Katundu aperekedwe pokhapokha mwaona `APPROVED`. Kasitomala akakuonetsani uthenga wa pa foni woti ndalama yachoka koma makina anu sakuvomereza, lembani tsiku, nthawi, ndalama ndi manambala anayi omaliza a khadi, musunge kalisiti kokanikako, muimbire banki yanu. Nthawi zambiri ndalama yotere imabwerera kwa mwini wake, koma si nthawi zonse pamene imabwerera tsiku lomwelo.

Kwa kasitomala wa m'dziko muno, Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwira ntchito poimba manambala a nyenyezi, osafuna bandulo, choncho nambala yanu yolandirira ndalama ikhale yolembedwa poonekera. Kwa mlendo wakunja amene alibe ziwirizi, tulukani ndi makina panja pakhonde ngati ali pa simu, kutali ndi malata, muyese kamodzi kokha mutatsimikiza kuti ulendo woyamba udakanikadi.