Kalata yokweza fizi: zofunika kuziona isanapite kwa makolo

Mphunzitsi wamkulu akamalemba kalata yokweza fizi, mutu wake umakhala wodzaza ndi mabilu: ngongole ya chimanga, malipiro a aphunzitsi, magetsi, madzi. Kholo likamawerenga kalatayo limangofuna kudziwa kuti lipereka zingati, lipereka liti, ndipo chichitike ndi chiyani kwa mwana ndalamayo ikapanda kukwana. Nchifukwa chake kalata yotere imafunika munthu wina, kaya wachiwiri kwa ahedi, msungichuma kapena wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi ya PTA, kuti aiwerenge ndi maso a kholo isanadindidwe.

Nkhaniyi ikukhudza makamaka sukulu zomwe si zaboma, poti ku pulayimale zaboma fizi inathetsedwa mu 1994. Tiyerekeze sekondale ina yogonera komweko, yomwe makolo amalipira K300,000 pa teremu. Mu Disembala, sukulu ili pafupi kutsekera, ahedi alemba motere:

"Okondedwa makolo, chifukwa cha kukwera kwa zinthu, fizi yasintha pang'ono kufika pa K390,000 kuyambira teremu ikubwerayi, monga tinagwirizana pa msonkhano wa makolo. Mwana aliyense adzaperekanso K40,000 ya chitukuko. Amene sadzamaliza kulipira adzabwezedwa pa geti."

Kalatayi ndi yaifupi ndipo ikuoneka yomveka. Koma wounika akatenga cholembera nkuyamba kuwerengetsa, mawu oti "pang'ono" sakhalitsa. Kuchoka pa K300,000 kufika pa K390,000 ndi kukwera kwa 30 peresenti. Powonjezerapo ya chitukuko ija, kholo litulutsa K430,000, kutanthauza K130,000 yoposa teremu yatha, yomwe ndi 43 peresenti. Ngati ya chitukukoyo ndi ya teremu iliyonse, pa materemu atatu ndalama yowonjezerayo ikwana K390,000, ngati kuti chaka chabala teremu yachinayi. Kalatayo sinatchule fizi yakale, sinaphatikize ndalama ziwirizo, ndipo sinanene ngati K40,000 ija ndi ya kamodzi kokha. Chokonza choyamba ndi chimenechi: mtengo wakale, mtengo watsopano ndi ndalama yonse yomwe kholo lipereke ziyenera kuonekera pamodzi, kumayambiriro kwenikweni.

Kenako wounika amafika pa chifukwa chake. Palibe Mmalawi amene angatsutse kuti zinthu zimakwera. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka ichepetsedwenso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mitengo m'misika inatsatira. Komabe mawu oti "kukwera kwa zinthu" sauza kholo chifukwa chomwe fizi yakwerera ndi K90,000 osati K50,000. Zinthu pa sukulu sizikwera mofanana, choncho wounika apemphe msungichuma kuti aiphwanye ndalamayo.

Tinene kuti pa K300,000 iliyonse, K120,000 imapita ku chakudya, K120,000 ina ku malipiro, ndipo K60,000 yotsala ku magetsi, madzi, choko ndi mapepala. Ngati chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira zakwera ndi theka, chakudya chifuna K60,000 yowonjezera. Ngati aphunzitsi ndi ophika awonjezeredwa 20 peresenti, apo pafunika K24,000. Zotsalazo zikakwera ndi 10 peresenti, ndi K6,000. Zonse pamodzi zikukwana K90,000 ndendende. Mizere itatu yotereyi ikalowa m'kalata, kholo likhoza kudandaula kuti ndalama yachuluka, koma silinganene kuti ahedi angoitola m'mutu. Masamu omwewa akuululanso kuti K40,000 ya chitukuko ilibe chochita ndi kukwera kwa zinthu. Ikufunika kufotokozedwa payokha: ikamangira chiyani, ntchito yonse idya ndalama zingati, kusonkha kudzatha liti, ndipo ndani adzapereke lipoti kwa makolo. Masamu akakana kugwirizana, vuto silikhalanso la kalembedwe, ndipo kalatayo iyenera kudikira mpaka bodi itaunikanso chiganizo chake.

Mawu oti "monga tinagwirizana" amafunika kuwasamala kwambiri, chifukwa ndi amene amakwiyitsa makolo msanga. Wounika afunse buku la zokambirana za msonkhanowo. Kodi makolo anavomera K390,000, kapena anangouzidwa kuti fizi ikwera? Ngati anangouzidwa, kalata inene zoona: bodi ndiyo yapanga chiganizo, makolo anadziwitsidwa pa tsiku lakutilakuti. Kholo lomwe linalipo pa msonkhanowo limakumbukira bwino zomwe zinakambidwa, ndipo likapeza bodza pa mzere umodzi limakayikira ndi manambala omwe.

Chilungamo cha kalata chimaonekera kwambiri pa nthawi. Kalata yotuluka mu Disembala, yofuna ndalama mu Januwale, imapatsa kholo milungu yochepa chabe, ndipo imagwera m'nyengo yowawitsa: ndalama zapita ku feteleza, nkhokwe zayamba kuchepa, zokolola zidakali kumunda. Mlimi wa fodya, soya kapena mtedza amagwira ndalama kuyambira cha mu Epulo kupita m'tsogolo. Sukulu yoganizira makolo imalengeza kudakali teremu yathunthu, ndipo ngati nkotheka imayambitsa mtengo watsopano mu Seputembala, pomwe chaka cha maphunziro chimayamba, kuti amene sangakwanitse apeze mpata wofunira mwana malo kwina. Wa Fomu 2 ndi wa Fomu 4 mpata umenewu alibe pakati pa chaka, chifukwa akalembetsa mayeso a MANEB dzina lake limakhala pa sukulu yomweyo. Kukweza fizi mwadzidzidzi pa ana amenewa ndi kupanikiza munthu amene alibe kothawira.

Nthawi zina sukulu imakhaladi kuti siingadikire, chifukwa ana ayenera kudya mu Januwale momwemo. Zikatero, mzere woopseza uja uchotsedwe ndipo m'malo mwake mulowe njira yolipirira: mwachitsanzo K230,000 potsekulira, K100,000 kumapeto kwa Januwale, ndi K100,000 yotsala kumapeto kwa Febuluwale. Kalata itchule ofesi yomwe kholo lovutika lingapiteko mwachinsinsi, ndi masiku ake. Ngongole ndi ya kholo, ndipo mwana wa zaka 14 amene wabwezedwa pa geti ndi chikwama pamutu anzake akuona alibe chomwe angachitepo. Kalata iyankhenso funso la amene analipiriratu chaka chonse, chifukwa ikangokhala chete pamenepa, mkangano udzabukira pa windo la msungichuma.

Zotsala ndi zazing'ono koma zimapulumutsa ndalama za anthu. Kalata ikhale ndi deti, siginecha ndi chidindo cha sukulu. Dzina la akaunti ya kubanki lilembedwe lonse, ndipo ngati sukulu imalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, inene dzina lomwe lidzaoneke pa foni ndi mmene kholo lidzalandirire lisiti, poti akuba amapezerapo mwayi pa nthawi ngati imeneyi kutumiza nambala zawo. Makalata ambiri a sukulu amalembedwa m'Chingerezi chokha, chonsecho ambiri olipira fizi ndi agogo, amalume ndi azakhali akumudzi, motero tsamba lachiwiri la m'Chichewa, kapena m'chiyankhulo cha deralo, ndi lofunika. Kalatayo isanasindikizidwe yambiri, wounika aipereke kwa kholo limodzi lomwe silinakhale nawo pa zokambirana, liwerenge kamodzi, kenako linene palokha kuti lipereka zingati komanso pa masiku ati. Likaphonya, mzere umene walisokonezawo ulembedwenso.