Kasitomala akati "mukudziwa kale", yambani kufunsa

Mayi wina amene ali ndi malo odyera pafupi ndi depoti ya mabasi ku Limbe adanditumizira uthenga pa foni: "Achimwene, mundipangireko chithunzi cha chakudya chokopa makasitomala. Inuyo mukudziwa kale." Ine ndi phuma langa ndidatsegula Midjourney, imodzi mwa mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu, yomwe idafika kwa anthu mu 2022, n'kulembamo zomwezo. Padatuluka mbale ya nyama yang'ombe, foloko, mpeni ndi tambula ya vinyo. Mayiwo adangoyankha kuti, "Koma ine ndimagulitsa nsima."

Mapulogalamuwa adaphunzira pa zithunzi zambirimbiri za pa intaneti, ndipo za kwathu kuno ndi zochepa m'menemo. Chimene simunatchule, makinawo amadzaza okha ndi zimene adaziona kawirikawiri. Ndiye mpata uliwonse umene kasitomala wasiya m'mawu ake umatuluka ngati chakudya cha kuhotela ya ku Ulaya.

Ndidawaimbira. Funso langa loyamba silidali la chakudya ayi, koma lakuti chithunzichi chikaikidwa pati. Pamenepa mpamene pagona zambiri. Cha pa status ya WhatsApp chimakhala choimirira, cha muyeso wa 9:16. Chomata pakhoma pa pepala la A3 ndi cha mamilimita 297 kwa 420, ndipo kuti chisindikizike bwino pamafunika madontho 300 pa inchi, kutanthauza 3508 kwa 4961. Mukapanda kunena, Midjourney imapereka chofanana mbali zonse zinayi, ndipo pochidula kuti chikwane pepala mumapezeka mwadula mchira wa nsomba. Mayiwo adati n'chomata pakhomo, kuti wotsika minibasi achione ali patali. Munthu wothamangira ulendo sawerenga zambiri, choncho ndidadziwa kuti pakufunika mbale imodzi yaikulu, osati tebulo lodzaza.

Kenaka chakudyacho. Kufunsa kuti "mukufuna chotani?" n'kutaya nthawi, yankho lake ndi "chabwino basi". Mupatseni munthu ziwiri asankhepo. Nsima ya ufa woyera kapena ya mgaiwa? Woyera. Mitanda ingati? Iwiri, monga amapakulira. Chambo chokazinga kapena chamsuzi? Chokazinga, chathunthu ndi mutu womwe, pambali nkhwani wotendera. Nditawafunsa ngati paoneke munthu akudya, adakana: "Anthu adzayamba kufunsa kuti ameneyu ndani." Zidandikomera, chifukwa dzanja lotema nsima ndi pamene makinawa amakonda kupunthwa, zala mwina kutuluka zisanu ndi chimodzi.

Ndidawapemphanso ajambule mbale yawo yeniyeni ndi foni, anditumizire. Idali yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, itakhala patebulo loyala pulasitiki. Zimenezi sakadazinena okha, poti amaziona tsiku ndi tsiku.

Funso lomaliza lidali la mawu: dzina la malowo ndi mtengo. Amenewa sindiwapatsa makina. Zilembo amazisokoneza, makamaka za Chichewa, ndiponso mtengo wa chambo suchedwa kusintha. Ndimangopempha mpata wopanda kanthu pamwamba, mawu ndiikemo ndekha pambuyo pake.

Mayankho onsewo ndidawasonkhanitsa motere, m'Chingerezi poti ndicho makinawa amamva bwino:

```
close-up photo, white enamel plate with blue rim, two smooth oval
portions of stiff white maize porridge, one whole fried tilapia,
pumpkin leaves in groundnut sauce, window daylight, empty space
at top --ar 5:7 --no fork, knife, people, text
```

Taonani kuti mawu oti nsima ndi chambo mulibemo. Makina akapanda kulidziwa bwino dzina amangolota, nsima n'kutuluka ngati mbatatesi yopondaponda kapena mpunga. Ndiye ndimafotokoza maonekedwe: yolimba, yoyera, yosalala, yobulungira motalikirapo. Chambo ndimachitchula ndi dzina la mtundu wake wa nsomba. Muyeso wa `--ar 5:7` ukuyandikira kwambiri pepala la A3. Zosafunika ndaziika pa `--no`, chifukwa mukalemba m'chiganizo kuti pasakhale foloko, makina amangogwira liwu loti foloko n'kukuikirani.

Ulendo woyamba nsima idatuluka yachikasu ngati ya chimanga chofiira. Ndidasintha chinthu chimodzi chokha, kuonjeza `bright white`, kuti ndidziwe chimene chakonza. Mukasintha zitatu pakamodzi, simudziwa chachita bwino n'chiti.

Ndidawatumizira ziwiri. Adasankha yachiwiri, koma adati chambocho chakula mopitirira chimene iwo amagulitsa. "Munthu adzalowa kudzafuna chomwecho, tidzakangana." Funso la kukula kwa nsomba ndidali ndisadawafunse. Ndidalembamo `small`, n'kubwerezanso.