Njira zinayi zosankhira amene angaonere vidiyo pa YouTube

Vidiyo iliyonse imene yaikidwa pa YouTube imakhala m'gulu limodzi mwa magulu anayi, ndipo gululo ndi limene limalamula amene angaionere. Pa foni kapena pa kompyuta mayina a maguluwa amalembedwa kuti Public, Unlisted, Private ndi Scheduled. Mwini vidiyo amasankha gulu pomwe akuiika, komanso ali ndi ufulu wosintha pambuyo pake.

Vidiyo ya Public ndi ya aliyense. Imapezeka munthu akaifufuza, imaoneka pa tchanelo cha mwini wake, ndipo YouTube ikhoza kuionetsa kwa anthu amene sanaifunefune n'komwe. Amene amatsatira tchanelocho amaipeza pa mndandanda wa mavidiyo atsopano.

Ya Unlisted siipezeka pofufuza, ndiponso siioneka pakati pa mavidiyo a pa tchanelo. Amaionera ndi amene ali ndi linki yake, ngakhale alibe akaunti ya Google. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika poganiza kuti vidiyoyo ndi yachinsinsi. Linki siisankha munthu: amene wailandira akhoza kuitumiza ku gulu la pa WhatsApp, ndipo onse a m'gululo adzaonera. Vidiyoyi imathanso kuonekera poyera wina akaiika pa mndandanda wa mavidiyo wotsegukira anthu onse.

Ya Private ndiyo yotsekedwa ndithu. Amaionera ndi mwini wake pamodzi ndi anthu amene iye wawaitana polemba maimelo awo. Woitanidwayo ayenera kulowa mu akaunti ya Google ya imelo yomweyo. Wina aliyense, ngakhale atapatsidwa linki, vidiyoyo siimutsegukira. Pa vidiyo yotere palibenso malo olembapo ndemanga.

Ya Scheduled ndi vidiyo yotsekedwa imene yapatsidwa tsiku ndi ola lotulukira. Nthawiyo isanakwane imakhala ngati ya Private, koma ikangokwana imasanduka ya Public yokha, mwini wake osakhudza kanthu. Chofunika kusamala ndi chigawo cha nthawi chimene chalembedwa pambali pa olalo. Nthawi ya ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique ndi GMT+2, choncho ngati pasankhidwa chigawo cha dziko lina, vidiyo ituluka mofulumira kapena mochedwa.

Chitsanzo ndi cha kwaya imene yajambula nyimbo yatsopano ndipo ikufuna kuti ituluke Lachisanu 6 koloko madzulo. Mlembi wa kwayayo akuiika Lolemba n'kusankha Scheduled, kenako akutumiza linki kwa oimba anzake kuti aionere kaye. Onse akudandaula kuti siikutseguka. Vidiyoyo ilibe vuto: idakali yotsekedwa mpaka Lachisanu. Njira yabwino inali kuyamba ndi Unlisted kuti oimbawo aione, kenako n'kuipatsa tsiku lotulukira onse akagwirizana. Kuyamba ndi Public sikukanathandiza, chifukwa otsatira tchanelo akanaiona nthawi yomweyo tsiku lisanafike.

Kuti mwini vidiyo adziwe gulu limene ili, pa kompyuta amatsegula studio.youtube.com n'kusankha Content kumanzere. Pamatuluka mndandanda wa mavidiyo ake onse, ndipo pansi pa mutu wakuti Visibility pamalembedwa gulu la vidiyo iliyonse. Kudina pa dzina la gululo kumatsegula malo osinthira, komanso kumaonetsa tsiku ndi ola la vidiyo ya Scheduled. Akasintha ayenera kudina batani lotsimikizira, apo ayi zonse zimakhala mmene zinalili. Pa foni amatsegula pulogalamu ya YouTube Studio n'kupita pa Content. Kumeneko zizindikiro zimathandiza: loko amaimira Private, ndipo timphete tiwiri tolumikizana timaimira Unlisted.

Kungotsegula vidiyo n'kuona kuti ikusewera si umboni, chifukwa mwini wake amaionera nthawi zonse, ngakhale yotsekedwa. Kuyesa koona ndi kutsegula linkiyo pa foni ya munthu amene sanaitanidwe, kapena pa tsamba la Incognito limene silikumbukira akaunti. Ikakana kutseguka, kawirikawiri ndi ya Private kapena ya Scheduled, ndipo woonera wakunja sangasiyanitse ziwirizi. Ikasewera koma osapezeka pa tchanelo, ndi ya Unlisted, ndipo pa kompyuta dzina limeneli limalembedwa pafupi ndi mutu wa vidiyoyo.

Nthawi zina vidiyo imalembedwa kuti Public koma anthu ena osatha kuionera. Zikatero mwini wake ayang'ane pa mndandanda wa Content uja, pafupi ndi Visibility. Pamenepo pamaoneka ngati vidiyoyo yatsekedwa m'mayiko ena chifukwa cha nyimbo ya eni ake, kapena ngati yaletsedwa kwa osakwana zaka 18. Kusintha gulu sikuchotsa ziletso zimenezi.